Bulenda yodontha pansi kapena yosazungulira mipeni: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi omwe anthu amandifunsa mobwerezabwereza akabwera ndi bulenda m'jumbo, jagi pamwamba, chingwe chili lendelende. Ambiri amayamba ndi mawu akuti "yapsa mota". Koma mwa zomwe ndimatsegula, zambiri mota imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala m'kadera kakang'ono pomwe jagi imakumana ndi thunthu la bulenda. Musanagwire chilichonse chomwe chatchulidwa pano, zulani pulagi ku soketi. Kuzimitsa pa batani pokha sikokwanira, chifukwa zala zanu zikhala pafupi ndi mipeni.

Bulenda yanga ikudontha pansi. Ndiye kuti yatha?

Ayi, nthawi zambiri sinathe. Madzi ali ndi njira zitatu zokha zotulukira pansi pa jagi: pa mphira yozungulira yomwe imatseka pakati pa jagi ndi mipeni, pa kachitsulo kapakati komwe kamazunguza mipeni, kapena pa mng'alu wa jagi yeniyeniyo. Njira yoyambayo imakonzeka pakhomo m'mphindi zochepa. Yachiwiri imafuna kugula chida china. Yachitatu imafuna jagi ina.

Chomwe chimapha bulenda si kudonthako, koma kupitiriza kuigwiritsa ntchito ikudontha, n'kumangopukuta ndi kansalu. Madontho amenewo amagwera pamutu penipeni pa mota.

Pansi pa jagi pali zida zanji, ndipo ndikazitchule bwanji kwa wogulitsa?

Tembenuzani jagi muone kumatako kwake. Pa mabulenda ambiri pali chibakuli chapulasitiki chomwe chimamangidwa ngati chivindikiro cha botolo, ndipo chikamasulidwa mipeni imatuluka pamodzi ndi kambale komwe yakhalapo. Pakati pa kambaleko ndi mlomo wa jagi pamakhala mphira yozungulira ngati chibangili. Ena amaitcha labala, amisiri amati gasiketi.

Pakati pa kambale pamadutsa kachitsulo kozungulira, shafiti. Kumwamba kwake kuli mipeni, kumunsi kwake kuli kagudumu ka mano. Shafiti imazungulira mu bering'i, kapena mu bushi yamkuwa pa mabulenda otsika mtengo, ndipo pamwamba pa bering'iyo pali kamphira kena kakang'ono, silu, komwe kamaletsa madzi kutsikira m'menemo. Silu imeneyi simungaione musanaphwasule, koma ndi yomwe imayambitsa mavuto aakulu.

Kagudumu ka manoko kali ndi mnzake pamwamba pa mota. Awiriwa akalumana ndi omwe amatchedwa kapulingi. Nthawi zambiri mmodzi amakhala wamphira kapena wapulasitiki yofewerapo, ndipo anachita dala kumupanga choncho: mipeni ikakakamira, mano ake ndi omwe ayenera kudyeka m'malo moti mota ipse. Mitundu ina, monga Oster, pamwamba pa mota pali kachitsulo ka ngodya zinayi komwe kamalowa m'dzenje la mipeni, ndipo mphira yake imabisala pansi pa kachitsuloko.

Ndingadziwe bwanji pomwe pakudonthapo?

Musaganizire, yesani. Chotsani jagi pa mota, ipukuteni iume bwinobwino kunja ndi kumunsi, makamaka mozungulira kapulingi. Thiranimo madzi ozizira kufika pa mzere wolembedwa `MAX`, kenako iikeni pa nyuzipepala youma kapena pa tishu. Isiyeni mphindi 15. Mukainyamula musangoyang'ana pepala, tembenuzani khosi muyang'ane kumunsi kwa jagi ndi tochi ya foni, ndipo khudzani malo osiyanasiyana ndi kachidutswa ka tishu kouma.

Tishu ikanyowa m'mphepete, pa mazinga omangira chibakuli, ndiye kuti ndi mphira yaikulu kapena mng'alu wa pamlomo wa jagi. Ikanyowa pakati, dontho likulendewera pa kapulingi, ndi silu ya pa shafiti. Ikanyowa pamwamba pa chibakuli, madzi akutsetsereka kuchokera m'mbali mwa jagi, fufuzani mng'alu. Umakonda kuyambira pansi pa chogwirira kapena pa ngodya zakumunsi. Jagi yapulasitiki imatha kukhala ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi womwe umaoneka pokhapokha mwaiyang'anitsa kudzuwa.

Zimachitika kuti mphindi 15 zatha pepala lili louma, koma inu mukudziwa kuti imadontha. Pamenepo zunguzani kapulingi ndi chala kangapo madzi ali momwemo, n'kuikankhira uku ndi uku. Silu yomwe yayamba kutha imagwira madzi shafiti ikakhala phee, n'kuwatulutsa ikayamba kugwedera. Ngati sipanyowabe, mwina madzi omwe mumawapeza pa mota akuchokera pamwamba: mumadzaza kwambiri, amasefukira pa chivindikiro n'kutsetsereka kunja kwa jagi.

Zaoneka kuti ndi mphira. Ndiyang'ane chiyani?

Choyamba, kodi ilipo? Musaseke. Mphira imatayidwa kawirikawiri pamodzi ndi madzi otsukira mbale, mwana wotsukayo osadziwa kuti kanali kachida.

Chachiwiri, ili pamalo pake? Pa mabulenda a chibakuli chomanga, mphira imakhala pamwamba pa kambale ka mipeni, kuti igunde mlomo wa jagi. Dongosolo lake kuchokera pansi ndi ili: chibakuli, mipeni, mphira, jagi. Anthu ambiri amaika mphira pansi pa mipeni, m'chibakuli, poganiza kuti ndi mtsamiro. Zikatero chitsulo chimagunda jagi popanda chotseka pakati, ndipo ngakhale mumange mpaka dzanja kutupa, madzi adutsabe.

Ikakhala pamalo pake, ichotseni muipinde pakati pa zala. Yabwino imapindika n'kubwerera. Yotha imakhala youma ngati chikopa cha ng'oma, kapena yaphwatalala mbali imodzi, kapena ili ndi timing'alu tomwe timatseguka mukaikoka. Ina imatanuka n'kukula, osakwananso mumzere wake, moti pomanga imapindika. Yang'ananinso pomwe imakhala: kanjere ka tomato kapena gaga wouma wotsalira pansi pake ndi wokwanira kutsegula njira ya madzi. Pitirizani chala pamlomo wa jagi yagalasi, chifukwa pobenthuka pang'ono pomwe mphira imagunda sipatsekeka ndi mphira ina iliyonse.

Pomanga, yambani pang'onopang'ono kuti mazinga alowane bwino. Chibakuli chikalowa chopendekeka chimalimba msanga ngati chafika pomwe sichinafike. Mangani ndi dzanja lokha. Sipanala ndi pulayala zimang'ambitsa chibakuli, ndipo chibakuli chong'ambika chimalumpha mazinga mukafika pomaliza, n'kumasukanso chokha.

Palinso chizolowezi china chomwe chimataya juwisi yense pa tebulo: kupotokola jagi poichotsa pa mota. Pa mitundu yomwe jagi imangokhazikidwa, chibakuli chimatsala chogwidwa pa thunthu pomwe inu mukupotoza jagi, ndiye kuti mukumasula nokha. Inyamuleni molunjika m'mwamba, pokhapokha ngati yanu ndi ya mtundu wokhoma popotoza.

Pakutuluka timadzi tofiirira kapena takuda, nthawi zina timapezeka m'juwisi. N'chiyani?

Ndi dzimbiri losakanikirana ndi girisi wa mu bering'i. Silu yatha, madzi alowa m'menemo, achita dzimbiri, ndipo tsopano akutuluka ndi zomwe apeza. Siyani kuigwiritsa ntchito pa chakudya, makamaka phala la mwana, chifukwa njira yomwe madzi amatsikira ndi yomweyo yomwe dothilo limakwerera.

Kusintha mphira yaikulu sikuthandiza pamenepa. Gwirani kapulingi ya pa jagi muigwedeze: ikamayenda uku ndi uku, kapena kukwera ndi kutsika, bering'i kapena bushi yadyeka. Izunguzeni ndi chala: ikamamveka ngati muli mchenga, kapena ikulimba pena n'kufewa pena, nkhani ndi yomweyo. Nthawi zambiri bulenda yotere imakhala itayamba kale kulira mokuwa kuposa kale, koma eni ake anazolowera phokosolo. Mankhwala ake ndi kugula mipeni yathunthu ndi kambale kake. Za kusintha bering'i yokha zili m'munsimu.

Mota ikulira bwinobwino koma mipeni sikuzungulira. Chavuta n'chiyani?

Mota ikamathamanga, makamaka ikamalira mopepuka ndi mokweza kuposa masiku onse, ndiye kuti ikuzungulira yopanda katundu. Mphamvu yake ikuduka penapake isanafike ku mipeni, ndipo malo ake ndi kapulingi.

Chotsani jagi muyang'ane pamwamba pa mota. Mukaona fumbi lakuda ngati la tayala, tizidutswa ta mphira kapena ta pulasitiki, ndi fungo la mphira yopserera, mano adyeka. Mano abwino amakhala ndi ngodya zoima. Otha amakhala obulungira ngati mano a nkhalamba, ena othothokeratu. Yang'anani mbali zonse ziwiri, ya pa mota ndi ya pa jagi.

Nthawi zina mano amaoneka abwinobwino koma kapulingi yavukuka mkati. Pakati pake pamakhala kanati kachitsulo komwe anakaumbira mu mphira, ndipo kamatha kulekana ndi mphirayo. Mota imazunguza kanatiko, mphira n'kungokhala. Poyesa, zunguzani kapulingi ya pa mota ndi chala mukusuzumira m'timabowo ta mpweya pansi pa thunthu: ngati kapulingi ikuyenda koma fani ya mota sikuyenda nayo, yavukuka. Pa jagi, gwirani mipeni ndi chinsalu chokhuthala n'kupotoza kapulingi. Ziyenera kuyendera limodzi. Zikamayenda payekhapayekha, mwina kapulingi yavukuka kapena nati ya pamwamba pa mipeni yamasuka.

Chomaliza n'chopepuka: jagi sinakhale pansi bwino, mano akungokhudzana nsonga zokha. Zimachitika mphira zikaikidwa ziwiri, kapena mwagula mipeni ya mtundu wina yomwe shafiti yake ndi yaifupi.

Ndinasintha kapulingi posachedwa, yadyekanso. Anandigulitsa yabodza?

Mwina, koma ndisanaimbe mlandu wogulitsa ndimayamba ndazunguza mipeni ndi chala. Kudontha ndi kusazungulira kwa mipeni nthawi zambiri ndi matenda amodzi, kungoti amaoneka pa misinkhu iwiri.

Mayi wina wopanga juwisi wa malambe ndi mafirizesi anabwera ndi bulenda ya jagi yapulasitiki ya malita 1.5, yolembedwa `400W` pansi. Anali atasintha kapulingi ya pa mota kawiri m'mwezi umodzi, ndipo anafika atakwiya kale. "Bambo, mundiikire yachitsulo, zamphirazi zanditopetsa." Ndinawapempha kuti ayambe azunguza okha kapulingi ya pa jagi. Inakana. Anachita kugwira ndi zala zitatu kuti isunthe, ndipo inalira kwee, n'kusiya dzimbiri pa chala chawo. Nditafunsa ngati inkadontha, anati, "Eya, koma pang'ono chabe, kuyambira nthawi ya mvula. Ndimangoyala kansalu."

Nkhani yonse inali pamenepo. Silu itatha, madzi a malambe, omwe ndi owawasa komanso anali ndi shuga, ankatsikira mu bushi tsiku lililonse. Masana bulenda ikugwira ntchito shafiti inkazungulirabe. Usiku shuga ankauma ngati ulimbo, dzimbiri n'kumakula. M'mawa akadina batani, mota inkadzuka ndi mphamvu zake zonse, kapulingi ya pa mota n'kukumana ndi mnzake yemwe sakufuna kusuntha. Mota za mabulenda zimazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi, choncho masekondi ochepa otereka amakwana kupala mano a mphira. Kapulingi zonse ziwirizo zinagwira ntchito yomwe anazipangira. Akanaika yachitsulo mbali zonse, ikanapsa ndi mota.

Tinasintha mipeni yathunthu ndi mphira yake, n'kuika kapulingi yachitatu. Ndinayang'ananso shafiti ya mota, chifukwa madzi a miyezi yonseyo anali atafikako. Inali ndi dzimbiri pamwamba koma inkazungulira mofewa, yosagwedera. Tisanalumikize ku magetsi tinayesa ndi madzi pa nyuzipepala monga tafotokozera pamwambapa, kenako tinaithamangitsa masekondi 30 ndi madzi okha n'kuyang'ananso kumunsi. Kunali kouma.

Choncho musanagule kapulingi, zunguzani mipeni. Iyenera kuyenda ndi chala chimodzi, mosalala, ndi kulimba pang'ono chabe kwa silu. Yolimba kwambiri idya kapulingi iliyonse yomwe muike. Yomwe ikungoti pyololo, kuzungulira yokha ngati kampepe, nayonso silu yake yatha.

Kapulingi ya pa mota ikukana kumasuka. Imachoka bwanji?

Pali zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza anthu. Choyamba, mukapotoza kapulingi shafiti ya mota imayenda nayo, ndiye muyenera kuigwira. Tembenuzani thunthu. Pa mabulenda ambiri pali kabowo pakati kumunsi, ndipo kumapeto kwa shafiti kuli kamzere kolowetsamo sikuludiraiva yaphwatalala. Ngati palibe, masulani chivindikiro cha pansi mugwire shafiti kapena nati ya fani. Musalowetse chitsulo pakati pa mapiko a fani yapulasitiki, amathyoka, ndipo musatsamiritse sikuludiraiva pa mawaya amkuwa a mota.

Chachiwiri, kapulingi zambiri zili ndi mazinga akumanzere, omasuka mukapotoza momwe imayendera mivi ya wotchi, mosiyana ndi bawuti wamba. Ena amakhala akumanga poganiza kuti akumasula mpaka kupotola shafiti. Simufunika kuloweza mtundu uliwonse. Opanga amadula mazinga m'njira yoti mota ikamagwira ntchito kapulingi izidzimanga yokha. Ndiye yang'anani mipeni: kumene kwaloza mbali yakuthwa ndi komwe imazungulirira. Kapulingi ya pa mota imamasuka mukaipotozera komweko, shafiti mutaigwira. Ya pa jagi ndi mosemphanitsa: gwirani mipeni ndi chinsalu, n'kupotoza kapulingi mobwerera, kutsutsana ndi komwe mipeni imapita.

Ikakakamira ndi dzimbiri, donthezani mafuta omasulira pang'ono pa mazinga mudikire, kenako muigogode pa dzino limodzi ndi kamtengo ndi kahamala, kugogoda kwachidule kolunjika komasulira. Kapulingi yakaleyo yatha kale, musaimvere chisoni. Mutha kuidula mphira yonse n'kugwira kanati ndi pulayala. Pansi pake pamakhala washala, nthawi zina awiri. Abwezereni momwe analili, chifukwa ndi omwe amaimika kapulingi pa msinkhu woyenera. Yatsopano mangani ndi dzanja, idzimaliza yokha.

Si zonse zili ndi mazinga. Zina amangozikhomera, zimazuka pokankha ndi masikuludiraiva awiri mbali ndi mbali. Mabulenda aakulu a m'malo ogulitsira juwisi amakhala ndi kasikulu kam'mbali kogwira kapulingi ku shafiti. Kafufuzeni musanayambe kukoka.

Ikungong'ung'udza osazungulira, kapena yangoti zii. Ndi kapulingi yomweyo?

Kung'ung'udza ndiye kuti magetsi akufika koma china chagwira. Zimitsani msanga, chifukwa mota yoima ili pa magetsi imatentha m'masekondi ochepa. Zulani pulagi, chotsani jagi, zunguzani mbali zonse ziwiri ndi chala. Ikalimba ya pa jagi, mwina pali njere kapena chidutswa cholimba pansi pa mpeni, kapena ndi bering'i monga mwa mayi a malambe aja. Ikalimba ya pa mota, madzi anafika pa bering'i ya mota, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Yongoti zii ilibe chochita ndi kapulingi. Mabulenda ambiri ali ndi kaswichi kobisika komwe kamadinidwa jagi ikakhala bwino, ndipo kamamatika ndi juwisi wodontha, kapena kakhutu ka pa jagi komwe kamadina kamathyoka. Ena, makamaka ochokera ku India okhala ndi majagi achitsulo, ali ndi kabatani kofiira pansi komwe kamadumpha mota ikalemedwa. Dikirani izizire, chepetsani katundu, dinani. Yang'ananinso fyuzi ya mu pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno. Zonsezi zikakhala bwino, patsala fyuzi ya kutentha yomwe ili m'kati mwa mota, kapena makaboni atha, tizidutswa takuda tija timapereka magetsi ku mbali yozungulira ya mota. Ndipo ngati bulenda inachokera ku Amerika, werengani pansi pake: yolembedwa `120V` singapirire magetsi athu a `230V`.

Madzi alowa mu thunthu la mota. Nditani?

Zimitsani pa soketi n'kuzula pulagi ndi manja ouma. Musaiyese kuti muone ngati ikugwirabe. Pukutani pamwamba, ipendekeni kuti madzi atuluke, n'kuisiya pamalo a mphepo masiku awiri kapena atatu. Ngati anali madzi okha ochepa, nthawi zambiri imadzuka. Ngati anali juwisi wa shuga, mkaka kapena phala, kuuma kokha sikokwanira, chifukwa zotsalirazo zimamata maswichi ndipo zimaitana nyerere ndi mphemvu, ikatsegulidwe ipukutidwe.

Mabulenda ambiri ali ndi kabowo pambali pa kapulingi kotulutsira madzi otayika kuti adutse osakhudza mota. Kamatsekeka ndi zouma. Katokoseni ndi kamtengo. Bulenda yomwe ikugwira dzanzi mukaikhudza, kapena ikuthimitsa magetsi a m'nyumba, isalumikizidwenso mpaka wodziwa zamagetsi ataiona.

Kodi sindingadule mphira pa chubu cha njinga, kapena kumata ndi silikoni?

Chubu chimatseka madzi, sindingakunamizeni, ndipo ambiri amachita. Koma sanachipangire chakudya. Chimanunkha, ndipo chimasiya zakuda. Ine sindiika mu bulenda ya munthu.

Silikoni wa m'mabafa ndi wa magalimoto nayenso si wa chakudya, komanso mukamata chibakuli simudzatsukanso pansi pa mipeni, ndipo m'menemo mudzaola. Supaguluu pa mng'alu wa jagi amagwira masiku ochepa, kenako kunjenjemera kumatsegulanso. Pa kapulingi yovukuka guluu sagwira n'komwe. Tepi yoyera ya mapulambala pa mazinga sithandizanso, popeza otseka madzi si mazinga koma mphira. Mazinga ntchito yawo ndi kufinya basi.

Chomwe mungachite podikira kupeza ina ndi kutsuka mphira yakaleyo, kuiviika m'madzi ofunda, n'kuitembenuza kuti mbali yosadyeka igunde jagi. Zimatheka pa mphira yaphwatalala yofanana mbali zonse.

Pogula chida ndionetsetse chiyani?

Nyamulani chakalecho, ndipo ngati n'kotheka jagi yomwe. Mabulenda ambiri a m'masitolo athu amafanana nkhope koma zamkati zimasiyana, ndipo dzina la pa thunthu silikuuzani zambiri. Okonza ziwiya zamagetsi m'misika ikuluikulu amasunga mitembo ya mabulenda, ndipo chida cha bulenda ya kaunjika kapena yomwe m'bale anatumiza kuchokera ku Joni nthawi zambiri chimapezeka kumeneko kusiyana ndi m'sitolo.

Pa mphira yezani ndi rula m'mimba mwake mkati, kunja, ndi kukhuthala kwake. Kusiyana kwa mamilimita awiri n'kokwanira kuti idonthe. Pa kapulingi werengani mano, yerekezani kutalika, ndipo yesani kanati kake kuti muone kukula kwa bowo ndi komwe mazinga apita. Kapulingi ya mazinga akumanja singalowe pa shafiti ya akumanzere, ndipo mukaikakamiza muwononga shafiti, yomwe ilibe sipeya. Mipeni yogwiritsidwapo kale izunguzeni ndi kuigwedeza muli pomwepo, ndipo pemphani kapu ya madzi muyese musanapereke ndalama.

Bering'i yokha singasinthidwe m'malo mogula mipeni yonse?

Pa mabulenda aakulu a bizinesi zimatheka. Ambiri ali ndi mabering'i awiri ang'onoang'ono omwe nambala yake yalembedwa m'mbali. Yofala ndi `608`, ya bowo la mamilimita 8 ndi kunja mamilimita 22, koma werengani yanu. Sankhani yotsekedwa ndi mphira mbali zonse, yolembedwa `2RS`, osati ya zivindikiro zachitsulo ya `ZZ`, yomwe imalola madzi mosavuta. Musaiwale silu. Bering'i yatsopano pansi pa silu yakale ikhala ndi dzimbiri posachedwa. Ndipo ngati shafiti yadyeka mzere pomwe silu imagwira, silu yatsopano sitsekanso.

Pa mabulenda ang'onoang'ono a pakhomo, ambiri anawakhomerera moti saphwasulika osathyoka. Gulani yathunthu. Mipeni yomwe yangomatika ndi shuga, yopanda dzimbiri komanso yosadontha, imamasuka mukaiviika m'madzi ofunda a sopo n'kumaizunguza pang'onopang'ono. Mafuta a galimoto kapena opopera omasulira dzimbiri asafike kumbali ya chakudya.

Kodi kupera chiponde, nsinjiro kapena malambe ndi komwe kukuwononga?

Nthawi zambiri inde, pa bulenda yaing'ono. Jagi yaikulu anaipangira zinthu zamadzi. Madziwo amatembenuza chakudya kuti chibwerere ku mipeni, komanso amaziziritsa silu ndi bushi. Mtedza wouma ukayamba kusanduka chiponde umagwira mipeni ngati dongo, shafiti imatentha, silu n'kuuma. Nsinjiro, soya wokazinga ndi tsabola wouma perani m'kakapu kakang'ono ka zouma komwe kamabwera ndi bulenda, pang'onopang'ono, podina `PULSE` masekondi ochepa n'kupumira. Chimanga ndi cha kuchigayo.

Njere za malambe ndi za bwemba n'zolimba ngati timiyala. Viikani, fikisani ndi manja kapena mthiko, sefani njere, kenako mupere zotsalazo. Njere imodzi ikakodwa pakati pa mpeni ndi khoma la jagi imatha kuthyola dzino la kapulingi nthawi yomweyo, kapena kung'amba jagi.

Yambani kuthira zamadzi, zolimba pamwamba. Mabuku a mabulenda ang'onoang'ono ambiri amati isathamange kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri osapuma, onani lanu. Phala kapena supu yochoka pamoto idikire izizire, chifukwa kutentha kumakalambitsa mphira ndipo nthunzi imatha kuphulitsa chivindikiro.

Potsuka ndizimasula mipeni nthawi zonse?

Ngati imamasuka, imasuleni mukatha ntchito ya tsikulo, mutsuke mphira payokha, zonse ziume musanamange. Chomwe musachite ndi kusiya mipeni m'beseni la madzi usiku wonse. Silu imateteza bering'i kuchokera pamwamba. Kumunsi, komwe kuli kapulingi, nthawi zambiri kulibe chotchinga chokwanira, ndipo madzi amalowera kumeneko. Tsukani, tsukuluzani, imikani kapulingi ili pansi kuti madzi akhe. Musasungirenso juwisi m'jagi mufiriji, chifukwa usiku wonse akhala akutsamira pa silu.

Mabulenda a kakapu kotembenuza, omwe mipeni imakhala ngati chivindikiro, amadontha kwambiri mukadzaza kupyola mzere wa `MAX`, popeza mpweya ulibe kothawira ndipo umakankhira madzi pa mphira. Mphira yawo ili mumzere wakuya. Mukaitokosa ndi mpeni mwaiboola, ndipo mitundu ina opanga amati isachotsedwe n'komwe.

Ndi liti pomwe kukonza sikupindulanso?

Shafiti ya mota ikamagwedera kapena yapindika, kapulingi iliyonse idzadyeka mbali imodzi, ndiye palibe chifukwa chogulira ina. Mota yotulutsa utsi ndi fungo la vanishi wopserera, kapena yothetheka moto wambiri ngakhale makaboni ali atsopano, nayonso yafika. Jagi yong'ambika ya mtundu womwe mipeni yake sichoka imafuna jagi yonse, ndipo ngati mtengo wake ukuyandikira theka la bulenda yatsopano yofanana nayo, ine ndimauza mwini wake kuti aganize kawiri, makamaka ngati mota inamwapo kale madzi.

Mukagula ina, yakaleyo musataye yonse. Chotsani mphira, chibakuli, kakapu ka zouma ndi kapulingi ngati ili bwino. Pitani ndi jagi yakale ku sitolo muiyese pa thunthu la yatsopano, chifukwa mitundu ingapo yotsika mtengo imagwiritsa ntchito jagi zofanana, ndipo mutha kubwerako muli ndi jagi ziwiri, ina ya tomato ndi anyezi, ina ya juwisi.